Banki ikakudulani ndalama zomwe simunavomere: kalembedwe ka kalata yodandaula

Kudandaula pakamwa pakauntala sikusiya umboni. Wogwira ntchito amene wakuuzani kuti "tiziona" mawa akhoza kukhala patchuthi, ndipo ngati mwachokera ku Bangula kapena ku Makhanga, ndalama ya thiransipoti yapita pachabe. Chofunika ndi kalata, ndipo iloze mzere weniweni wa pasitetimenti.

Choyamba pemphani sitetimenti yathunthu ya akaunti yanu ya karenti, ya miyezi itatu. Kapepala kotuluka pamakina otapira ndalama musakadalire: kamaonetsa zochepa, komanso ndi kutentha kwathu kuno kuchigwa zilembo zake sizichedwa kufufutika. Miyezi itatuyo imakuthandizani kuona ngati kudulako kunachitika kamodzi kapena kumabwera mwezi ndi mwezi. Ndalama yofanana yochoka tsiku lofanana nthawi zambiri imakhala ya ngongole, ya inshulansi, kapena yolipirira kasungidwe ka akaunti. Yomalizayi munaivomera potsegula akaunti, choncho iyerekezeni ndi mndandanda wa mitengo ya bankiyo musanakwiye. Koma mukaona kuti wina watapa ndi khadi kapena pafoni, imbani foni atseke khadiyo nthawi yomweyo; kalata ibwere pambuyo.

Tiyerekeze ndi mayi wogula mbuzi pamsika wa Ngabu. Pa 14 Ogasiti m'akaunti mwake munali K320,000. Tsiku lomwelo, pansi pa mawu akuti Debit, pomwe amalemba ndalama zotuluka, pakuoneka K45,000 yopita kukampani ya inshulansi yomwe sanasainirane nayo kanthu. Pa 16 cheke cha K300,000 chomwe analembera mwini mbuzi chinabwezedwa, poti munatsala K275,000 yokha, ndipo banki inamudulanso chindapusa. Apa zodandaula ndi ziwiri. Ambiri amangolemba za K45,000, chindapusa n'kuchiiwala, chonsecho chabadwa ndi kudula koyambako.

Pamwamba pa kalata lembani dzina lanu monga lilili kubanki, keyala, nambala ya foni ndi tsiku. Ipite kwa mkulu wa nthambi yomwe munatsegulira akaunti. Thunthu lake likhoza kukhala lotere:

"Bwana, DANDAULO LA K45,000 YODULIDWA PA AKAUNTI NAMBALA … Pa 14 Ogasiti mwachotsa K45,000 m'akaunti mwanga, nambala yake pasitetimenti ndi … Ine sindinalamule kapena kusainira kuti ndalamayi ichoke. Chifukwa cha ichi cheke changa nambala … chinabwezedwa pa 16 Ogasiti ndipo munandidula chindapusa cha K… Ndikupempha kuti mundionetse chikalata chomwe chinakulolani kudula ndalamayi. Ngati palibe, mubweze ndalama zonse ziwiri ndipo muimitse kudulako kuti kusabwerenso. Mundiyankhe polemba pasanathe masiku 14. Ine wanu, …"

Mphamvu ya kalatayi ili pa pempho loona chikalata. Mukangolemba kuti "mwandibera", mwayambitsa mkangano wopanda polekera. Mukati akuonetseni pomwe munasaina, ntchito yagwera iwo: atulutse pepalalo kapena avomere kuti kulibe. Nthawi zina limatulukadi, munthu n'kupeza kuti inshulansiyo inali pa fomu ya ngongole yomwe anasaina mothamanga. Zikatero simungatinso ndalama inachoka popanda chilolezo; chotsala ndi kulembera kampaniyo kuti mukuthetsa mgwirizano. Koma siginecha ikakhala kuti si yanu, nkhaniyo ndi yachinyengo, kaituleninso kupolisi.

Mawu ofotokoza mzere wa pasitetimenti uja ndi nambala ya pansi pa mawu akuti Reference zikopereni ndendende, ngakhale kalata ili m'Chichewa, chifukwa ndi zomwe amafufuzira pakompyuta. Masiku 14 aja ndi malire oika inu nokha, kuti mudziwe poyambira kulondola. Sainani monga munasainira potsegula akaunti. Ngati ndi akaunti ya gulu, monga kalabu ya alimi a thonje, asaine onse amene amasainira ndalama. Nambala yachinsinsi isalembedwe paliponse.

Phatikizani fotokope ya tsamba la sitetimenti mutazunguliza mizere iwiriyo ndi cholembera, komanso ya chiphaso cha unzika. Makalata akhale awiri ofanana. Ina muwasiyire, inayo aidinde chidindo cha tsiku, wolandira asaine, mubwerere nayo kunyumba. Funsaninso nambala ya dandaulo lanu. Kalata yodindidwayo isungeni m'pulasitiki pamodzi ndi mapepala omwe mumathawa nawo madzi akasefukira.

Masiku aja akatha kuli zii, kapena yankho likakhala losagwira mtima, lemberani kulikulu la bankiyo. Kukakanikanso kumeneko, dandaulo lipite kwa Mlembi wa Mabungwe a Zachuma ku Reserve Bank of Malawi, yomwe likulu lake lili ku Lilongwe ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre. Kumeneko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kubanki yanu, choncho tumizani fotokope ya kalata yodindidwa ija, sitetimenti, ndi yankho lililonse lomwe banki inakupatsani.