Momwe mungagawire makasitomala anu m'magulu pogwiritsa ntchito buku la maoda

Ndimagulitsa chakudya cha nkhuku ku Chilenje, ndipo pa kasitomala aliyense ndimafuna kudziwa zinthu zitatu: anagula liti komaliza, wagula kangati, ndipo wasiya ndalama zingati. Tengani maoda a miyezi 12 yapitayi muwalembe mu Google Sheets, deti mu kolamu A, nambala ya foni mu B, ndalama mu C. Google Sheets ndi yaulere. Excel imene anyamata a m'tauni amaika pa kompyuta motchipa kawirikawiri imakhala yakale, ndipo MAXIFS, fomula imene tigwiritse ntchito pansipa, sipezeka mu Excel ya 2016 yogula kamodzi.

Musathamangire kuwerengera, yambani mwakonza manambala a foni. Munthu mmodzi amalowa m'buku katatu: pa WhatsApp nambala yake imayamba ndi +260, pa lisiti wina analemba kuyambira 097, ndipo kompyuta nayo imameza ziro woyambirira. Kwa ine, amayi ena a ku Kabwata anaoneka ngati anthu atatu ogula mwa apo ndi apo. Nditaphatikiza, anali ndi maoda 9 a K14,000, koma atatha masiku 75 osabwera, ine osazindikira. Chizindikiro chake n'chakuti makasitomala amachuluka kuposa nkhope zimene mumazidziwa, ndipo pafupifupi onse amaoneka ngati anagula kamodzi. Mu D sungani manambala 9 akumapeto okha:

```
=RIGHT(SUBSTITUTE(B2," ",""),9)
```

Kenako mu F ikani nambala iliyonse kamodzi, pambali pake izi, iliyonse mu kolamu yake: yoyamba ya masiku amene atha chigulireni komaliza, yachiwiri ya kuti wagula kangati, yachitatu ya ndalama zimene wasiya:

```
=TODAY()-MAXIFS(A:A,D:D,F2)
=COUNTIF(D:D,F2)
=SUMIF(D:D,F2,C:C)
```

Yoyambayo ikakupatsani masiku opitirira 40,000, ndiye kuti madeti analowa ngati mawu chabe, akonzeni.

Malire a masiku oti muzidziwira kuti kasitomala wasowa musakopere kwa wina, muwatenge pa malonda anu. Nkhuku zanyama zimakula pa masabata ngati 6, choncho woweta amene watha masiku 60 osabwera wadumpha gulu lathunthu la anapiye, kapena akugula kwina. Wogulitsa mipando sangadandaule ndi masiku 60.

Amene amagula pafupipafupi ndipo abwera posachedwa musawatsitsire mtengo, akanagulabe. Asungireni matumba katundu akamasowa ndipo muziwauza msanga mtengo usanakwere. Gulu lofunika kutayirapo nthawi ndi la onga amayi aja, ogula kwambiri amene angoti zii. Amenewa aimbireni nokha, osati uthenga wotumiza kwa onse, muwafunse kuti, "Amayi, nkhuku zili bwanji?" Ena mupeza kuti matenda anawathera khola, ena anapeza wowabweretsera pakhomo, ndipo apa mungapikisane naye. Za ogulitsa mindandanda ya manambala a "alimi" zisiyeni, ambiri mwa manambalawo sagwira, komanso Zambia ili ndi lamulo la 2021 loteteza zinsinsi za anthu.

Atsopano amene angogula chakudya cha anapiye, akumbutseni pakatha masabata awiri za chakudya chotsatira. Ogula kamodzi kalekale, uthenga umodzi basi. Muzibwereza zonsezi mwezi ukatha.