Miyendo Imandiwawa Chifukwa cha Mapiritsi a Kolesitero

Abale anga muno mu Joni, kukiliniki adandiyambitsa simvastatin wa 40 mg wa mafuta a m'magazi, patangotha masabata atatu ntchafu zonse ziwiri zikuwawa ngati ndalima dimba tsiku lonse, masitepe a pafulati ku Hillbrow kukwera kwake kovuta. Ndidabwerera kwa sisita, adatenga magazi kuyeza CK yomwe imasonyeza ngati minofu ikuwonongeka, n'kupezanso kuti ndikumwa amlodipine wa BP yemwe amachulukitsa simvastatin m'thupi, adokotala adanditsitsira pa 20 mg ndipo ululu udatha pang'onopang'ono.

Koma sisitayo adandichenjeza zedi, mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena minofu yafooka mpaka kulephera kudzuka pampando, kapena maso achita chikasu, musamwenso piritsi la simvastatin, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa minofu ikamaonongeka impso zimavulala.