Malangizo osiyanitsila parasitamolo, aibupulofeni ndi asipilini poona cithunzi ca paketi

Malangizo awa ndi a munthu amene watumizilidwa cithunzi ca mankhwala pa foni, kapena amene afuna kutumiza cithunzi kwa nasi kapena kwa wa ku famasi kuti amuthandize kudziwa cimene ali naco m'nyumba. Muno mu Lusaka mankhwala oletsa ululu timawagula paliponse, ku famasi, m'masitolo aakulu ndi pa kantemba, ndipo ambili timangowachula onse kuti Panado. Koma sali cinthu cimodzi. Parasitamolo, aibupulofeni ndi asipilini onse amacepetsa ululu ndi kutentha kwa thupi, koma aliyense ali ndi anthu amene sayenela kumwa, ndiponso ali ndi ciwalo cake cimene amawononga akaculuka.

Mtundu wa pilitsi musaukhulupilile. Parasitamolo ndi asipilini kawilikawili amakhala oyela ndi obulungila, okhala ndi kamzele pakati. Aibupulofeni ambili amamudziwa ngati wapinki, koma aliponso woyela ndi wofiila, cifukwa fakitale iliyonse imasankha mtundu wake. Cithunzi ca mapilitsi ali pacikhatho, opanda paketi, sicingakuuzeni kanthu, ndipo amene akukondani sadzakuuzani dzina lake mongoganizila.

Kajambulidwe koyenela

Jambulani zithunzi zitatu pamalo owala, osayatsa kuwala kwa foni, cifukwa pepala lasiliva limanyezimila ndi kubisa zilembo. Coyamba cikhale ca kutsogolo kwa kabokosi. Caciwili cikhale ca kumbuyo kwa kapepala kasiliva komwe mapilitsi amakhalamo, kumene kuli zolemba. Cacitatu cikhale ca m'mbali momwe adinda masiku. Ngati pa kantemba anakudulilani mapilitsi awili okha ndi sizasi, nthawi zambili dzina limaduka pakati ndipo tsiku lothela mphamvu limatsala pa mbali imene inatsala kwa wogulitsa. Kapepala kotelo musakagwilitse nchito pozindikila mankhwala. Ngati ndi kathumba ka ku kiliniki kolembedwa pamanja, jambulani zolembazo zonse, ndipo musaikemo mapilitsi ena ocokela kwina.

Cimene muyenela kuwelenga

Dzina lalikulu lokongola pamwamba pa paketi ndi la malonda cabe. Tsitsani maso pansi pake, pa tizilembo tating'ono, kapena funani mzele woyamba ndi mau akuti `Each tablet contains`. Pamenepo ndi pamene pali dzina lenileni la mankhwala ndi mphamvu yake.

Mukaona `Paracetamol` kapena `Acetaminophen`, ndi mankhwala amodzi omwewo. Dzina laciwili limapezeka kwambili pa mapaketi ocokela ku Amereka, amene abale amabweletsa pobwela kudzaceza. Panadol, Panado ndi Calpol onse ndi parasitamolo. Pilitsi la akulu limakhala la 500 mg. Wamkulu amamwa limodzi kapena awili, n'kudikila maola 4 mpaka 6, ndipo sayenela kupitilila mapilitsi 8, omwe ndi 4,000 mg, pa maola 24. Munthu wocepa thupi wosakwana makilogalamu 50, wodwala ciwindi, kapena womwa mowa tsiku ndi tsiku, malile ake ndi otsika kuposa apa, ndipo afunse kaye ku kiliniki.

Mukaona `Ibuprofen`, yang'anani ngati ndi 200 mg kapena 400 mg, cifukwa mapaketi ake amafanana kwambili pomwe mphamvu ikusiyana kawili. Brufen ndi aibupulofeni. Wamkulu wodzigulila yekha asapitilile 1,200 mg pa tsiku, ndiye kuti mapilitsi atatu a 400 mg otalikilana maola 6 mpaka 8, ndipo amwe atadya.

Mukaona `Aspirin` kapena `Acetylsalicylic acid`, ndi asipilini, monga Disprin. Apa nambala ndi yofunika koposa. Wa 300 mg ndi wa ululu. Wa 75 mg ndi uja dokota amapatsa odwala mtima kapena amene anacitapo sitiloko, kamodzi pa tsiku, kuti magazi asaundane. Ameneyu si wa mutu, ndipo musabweleke wa agogo.

Citsanzo ca kuwelengela

Tiyelekeze kuti amai anu ali ku Kanyama, dzino lawavuta masiku awili, ndipo inu muli ku nchito m'tauni. Akutumizilani zithunzi zitatu n'kufunsa kuti, "Mwananga, ndingaonjezele aya apinki? Enawa sakugwila."

Cithunzi coyamba cikuonetsa `Paracetamol 500 mg`. Akuti amwa awili m'mawa, awili masana, awili madzulo. Amenewo ndi mapilitsi 6, kapena 3,000 mg. Caciwili ndi ca mankhwala amene mnzao wa pamsika anawapatsa, ndipo pansi pa dzina lamalonda palembedwa `Ibuprofen 400 mg` ndi `Paracetamol 325 mg`. Umu ndi mmene mankhwala osakaniza monga Brustan alili: pilitsi limodzi, mankhwala awili. Amwa atatu lelo. Ndiye kuti pa 3,000 mg ija tionjezele 975 mg, zikwane 3,975 mg. Atsala pang'ono kugunda malile osadziwa, cifukwa m'maganizo mwao amwa "Panado" 6 cabe. Atati amwenso kapaketi ka mankhwala a cimfine usiku, ndipo ambili mwa amenewo alinso ndi parasitamolo, apitilila.

Cithunzi cacitatu, ca apinki aja, cikuonetsa `Ibuprofen 400 mg`. Koma mapilitsi atatu osakaniza aja awapatsa kale 1,200 mg ya aibupulofeni, imene ndi malile a tsiku lonse. Conco yankho lanu ndi lakuti, "Iyai amama, musamwenso ciliconse mwa zitatuzi lelo. Mawa m'mawa tipite kwa dokota wa mano." Ndipo musathele pomwepo. Afunseni ngati amamwa mankhwala a BP, ngati anadwalapo zilonda za m'mimba, ngati ali pa asipilini wa 75 mg. Akayankha kuti inde pa cimodzi mwa izi, ndiye kuti ngakhale osakaniza aja sanayenele kuwamwa popanda kufunsa ku kiliniki.

Ndimakhalitsa pa citsanzo ici cifukwa ngozi zambili zimabwela motele. Munthu samamwa mapilitsi 20 nthawi imodzi. Amamwa mapaketi atatu a maina osiyana, aliyense pa mlingo wooneka bwino, pomwe m'kati mwake ndi mankhwala amodzi. Ufa wa mutu wa Grand-Pa, mwacitsanzo, uli ndi asipilini, parasitamolo ndi kafini pamodzi. Conco pa cithunzi ciliconse welengani mizele yonse ya pansi pa dzina, osati woyamba wokha.

Amene sayenela kumwa

Aibupulofeni ndi asipilini ndi a banja limodzi. Onse amacepetsa citetezo ca khoma la cifu, n'cifukwa cake amatha kuyambitsa zilonda ndi kutaya magazi m'mimba. Musamwe onse awili pamodzi pofuna kuthetsa ululu. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, amene amamwa mankhwala osungunula magazi monga wafalini, ndi amene asima yao imabuka akamwa mankhwala a mtunduwu, awapewe onse awili.

Aibupulofeni amacepetsanso magazi opita ku impso. Munthu amene akutsegula m'mimba kapena kusanza, thupi lake litauma, asamwe, ndipo izi tizikumbukile makamaka nthawi ya mvula pamene kolela imabuka m'makomboni. Odwala impso, ndi amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovila, amenenso amadutsa mu impso, afunse ku kiliniki kwao asanayambe kumwa masiku otsatizana.

Mai woyembekezela amwe parasitamolo. Aibupulofeni apewedwe pokhapokha dokota atanena, ndipo m'miyezi itatu yomaliza ndi woletsedwa. Mai amene anapatsidwa asipilini wocepa mphamvu ku sikelo cifukwa ca BP apitilize monga anauzidwa, nkhani yake ndi ina.

Mwana wosakwana zaka 16 asapatsidwe asipilini. Kwa mwana amene ali ndi cimfine kapena nthomba, asipilini angathe kuyambitsa matenda a Reye, amene amatupitsa ubongo ndi kuononga ciwindi. Sacitika kawilikawili, koma amapha. Cithunzi cikangoonetsa `Aspirin` pa mzele uliwonse, ngakhale wacitatu, mwana asayandikile.

Mabotolo a ana amasokoneza kuposa mapilitsi, cifukwa onse ali ndi zithunzi za ana omwetulila. Funani nambala ya pa 5 ml. Parasitamolo wamadzi alipo wa `120 mg/5 ml` kapena `125 mg/5 ml`, ndiponso wa `250 mg/5 ml`, amene ndi wamphamvu kawili. Aibupulofeni wa ana kawilikawili ndi `100 mg/5 ml`. Mlingo wa parasitamolo umatsata kulemela kwa mwana, 10 mpaka 15 mg pa kilogalamu iliyonse, osapitilila kanai pa tsiku. Mwana wa makilogalamu 10 amafunika pakati pa 100 ndi 150 mg, ndiye kuti 5 ml ya botolo la 120 mg ndi yokwana, pomwe 5 ml yomweyo ya botolo la 250 mg ndi yoculuka. Pimani ndi kapimilo ka m'bokosi, osati supuni ya tiyi. Mwana wosakwana miyezi itatu akatentha thupi, pitani naye ku cipatala musanamupatse ciliconse.

Zimene cithunzi sicingakuuzeni

Pa cithunzi ca m'mbali momwe adinda masiku, `MFG` ndi tsiku lopangidwa ndipo `EXP` ndi lothela mphamvu. Musazisinthanitse. Nambala ya pa `Batch` kapena `B.No.` ya pa kabokosi iyenela kufanana ndi ya pa pepala lasiliva. Zikasiyana, kapena zilembo zikakhala zolakwika ndi zofufutika, musamwe, ndipo dziwitsani wa ku famasi kapena bungwe la ZAMRA, limene limayang'anila mankhwala m'Zambia motsatila lamulo la mu 2013.

Koma paketi yooneka bwino siitsimikizila kuti m'kati muli zenizeni, ndipo cithunzi sicionetsa ngati mankhwala anakhala padzuwa pa kantemba miyezi ingapo. Asipilini woonongeka ndi cinyontho amanunkha ngati viniga, ndipo zimenezo amazidziwa ndi amene wagwila paketi. Cithunzi sicingakuuzeninso cimene cikutenthetsa thupi. Mankhwala atatuwa amatsitsa kutentha koma sapha malungo, conco amene wangobwela kucokela kumudzi ku Chipata kapena ku Luapula n'kuyamba kutentha thupi akapimitse magazi tsiku lomwelo.

Pamene muyenela kusiya foni n'kupita ku cipatala

Mukawelengela n'kupeza kuti munthu wapitilila malile a parasitamolo, kapena mwana wapezeka ndi paketi yotsegula, pitani nthawi yomweyo, ngakhale akuseka ndi kudya bwino. Parasitamolo woculuka samaonetsa zizindikilo zoopsa tsiku loyamba. Kuwawa kwa pansi pa nthiti za kumanja ndi cikasu m'maso zimabwela patapita masiku awili kapena atatu, ciwindi citaonongeka kale, pomwe mankhwala oteteza ciwindi amagwila bwino kwambili akapelekedwa m'maola 8 oyamba. Kwa amene akumwa aibupulofeni kapena asipilini, cimbudzi cakuda ngati phula, masanzi a magazi, kubanika, kutupa milomo kapena kucepa kwa mkodzo ndi zizindikilo zosadikila kuti kuce. Pitani ku cipatala capafupi, kaya ndi Kanyama, Chawama, Matero, Chilenje kapena UTH, mutanyamula mapaketi onse, ngakhale opanda kanthu, ndipo muuze nasi nthawi imene pilitsi lililonse linamwedwa.