Ndapeza pomwe ndimalakwitsa powerengera sangweji yanga ya dzira

Kwa milungu ndithu ndimadabwa kuti thupi langa bwanji silikutsika pomwe m'mawa uliwonse ndimangodya sangweji imodzi basi, masilaisi awiri a buledi, majalini ndi dzira lowiritsa lophwanyira pakati. Kunja kuno ku Angónia kumacha kozizira ndiye tiyi ndi sangweji sindiphonya. M'kope mwanga ndimalemba makalori 250, kungoganizira chabe.

Loweruka ndinabwereka kasikelo ka kukhitchini kwa achemwali anga nkuyamba kuyeza chimodzichimodzi. Masilaisi awiri analemera magalamu 70, papepala la buledi analemba kuti pa 100 g pali makabohaidireti 48, mapuloteni 8, mafuta 3, ndiye ndinachulukitsa ndi 0.7 kupeza 34, 6 ndi 2. Dzira limodzi lalikulu limakhala ndi mapuloteni pafupifupi 6 ndi mafuta 5.

Vuto linali majalini abale. Ine ndimati ndimangopaka pang'ono, koma nditayeza kabakuli ndisanapake nkuyezanso nditamaliza, panachoka magalamu 20, chifukatu ndimapaka mbali zonse ziwiri komanso ndimathira wina m'dzira muja kuti lifewe. Wanga analemba mafuta 70 pa 100 g, ndiye mafuta 14 amenewo.

Zonse pamodzi makabohaidireti 34, mapuloteni 12, mafuta 21. Kuti tipeze makalori, awiri oyambawo timachulukitsa ndi 4, mafuta ndi 9, zinatuluka 373. Panopa ndimapaka magalamu 5 silaisi imodzi yokha, dzira ndimafewetsa ndi tomato, yafika cha m'ma 280.