Mitanda isanu ya nsima usiku sikuwonjezera minofu

Chiyambireni nyengo yotenthayi ndaona anyamata ochepa thupi, kuyambira ku Mpondasi mpaka ku Namwera m'boma la Mangochi, amene akunyamula zitsulo za simenti madzulo alionse pofuna kuti minofu ikule, koma onse akulakwitsa chinthu chimodzi. Atamva kuti munthu wofuna kukula thupi ayenera kudya zoposa zimene thupi limagwiritsa ntchito, iwo angowonjezera mitanda ya nsima pa chakudya chamadzulo.

Vuto la nsima ndi lakuti gawo lake lalikulu ndi madzi. Ufa wouma wolemera magalamu 100 uli ndi makalori oposa 350, koma nsima yophika yolemera chimodzimodzi ili ndi makalori ongopitirira pang'ono 100, moti m'mimba mumadzaza thupi lisanalandire mphamvu zokwanira, poti makalori ndiwo muyeso wa mphamvu ya m'chakudya. Munthu amene amavutika kale kudya akadzikakamiza mitanda isanu, amagona m'mimba muli ndwii, m'mawa amadzuka alibe chilakolako, ndipo amapita ku ntchito atangomwa tiyi. Masana dzuwa la kuno likafika pamutu amayamba wamwa makapu awiri a madzi kapena thobwa asanasambe m'manja, kenaka nsima imamukanika. Mukawerengera tsiku lonse mupeza kuti zimene anawonjezera usiku wazibweza m'mawa ndi masana, ufa wa pakhomo watha msanga, ndipo sikelo ili pomwe inali.

Mlimi wina wa ku Namwera anandiimitsa panjira n'kundiuza kuti: "Alangizi, mwana wanga akutha ufa ngati anthu atatu, koma nthiti zikuwerengekabe." Mnyamatayo amapalasa kabaza, amalemera makilogalamu 55, ndipo kwa milungu isanu ndi umodzi kulemera kwake sikunasinthe. Nditalowa m'nyumba ndinapeza matumba awiri a mtedza akudikira wogula, pamene ndiwo za tsikulo zinali masamba owiritsa opanda nsinjiro. Bambowo anaseka n'kunena kuti mtedza ndi ndalama, si chakudya cha mwana wamkulu. Maganizo amenewa amanditopetsa, chifukwa mpaka lero timati munthu sanadye ngati sanadye nsima, ndipo chakudya chimene chikanamuthandiza timachikweza pa njinga kupita nacho ku msika.

Mnyamata ngati ameneyu safunika chakudya cha anthu atatu. Akufunika makalori 300 mpaka 500 okha pa tsiku pamwamba pa zimene amadya nthawi zonse, ndipo ayenera kuwapeza mu zakudya zosatenga malo ambiri m'mimba. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, pamene galamu imodzi ya sitachi imapereka 4, ndiye chifukwa chake mtedza umaposa nsima kutali. Mtedza wokazinga wodzaza dzanja kawiri, womwe ndi magalamu pafupifupi 60, uli ndi makalori pafupifupi 340 ndi mapuloteni magalamu 15. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira yothira m'phala kapena m'ndiwo imawonjezera makalori 120. Pamenepo afika pa 460 osawonjezera mtanda ngakhale umodzi. Za kunyamula zitsulo sindinenapo, poti aliyense akudziwa kuti popanda kulimbitsa thupi gawo lalikulu la chakudya chowonjezeracho limasanduka mafuta a m'thupi.

Mapuloteni, omwe amamanga minofu, amafunika pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye kwa iyeyu ndi magalamu 88 pa tsiku. Kuno kunyanja zimenezi siziyenera kuvuta, chifukwa usipa wouma uli ndi mapuloteni oposa theka la kulemera kwake, dzira limodzi lili ndi magalamu 6, ndipo nyemba ndi nandolo zimathandizira.

Tinagwirizana kuti abwerere ku mitanda yake ya kale usiku, m'mawa azidya phala la mgaiwa lothira nsinjiro dzuwa lisanatenthe, ndipo mtedza aziyenda nawo m'thumba n'kumadya podikira makasitomala. Pa mwezi umodzi anawonjezera kilogalamu imodzi ndi pang'ono, womwe ndi mlingo woyenera, popeza kukwera kopitirira theka la kilogalamu pa mlungu nthawi zambiri kumakhala mafuta osati minofu.

Kwa ena amene mukufuna kuyesa, muzidya kanayi kapena kasanu pa tsiku, madzi muzimwa mutatha kudya, ndipo muzikwera sikelo imodzimodzi kamodzi pa mlungu m'mawa musanadye. Milungu iwiri ikapita osasintha, wonjezerani kapu ya mkaka kapena chiponde pa mbatata. Mtedza wa chuku utayeni, ndipo mapiritsi onenepetsa ogulitsidwa pa msika musawagule. Ngati mukuwondabe pamene mukudya, kapena mukutsokomola kwa milungu iwiri, mukukodza magazi, kapena mukumva ludzu losatha, pitani kaye kuchipatala akakuyezeni chifuwa chachikulu, likodzo, shuga ndi HIV.