Momwe mungasiyanitsire zithunzi za MRI za T1 ndi T2 za msana

Odwala msana a kuno ku Angonia ndi ku Tsangano akapita kutali kukajambulitsa MRI amabwera ndi chimbale, ndipo mukachitsegula pa kompyuta mumapeza msana womwewo utajambulidwa kangapo. Musanaganizire za matenda, dziwani kaye mtundu wa chithunzi chilichonse, chifukwa malo owala pa T1 satanthauza chimodzimodzi ndi malo owala pa T2. Pa T1 mafuta amawala ndipo madzi amada, pomwe pa T2 madzi ndiwo amawala.

Yambani ndi zolembedwa m'ngodya mwa chithunzi. Ngati dzina la T1 kapena T2 palibe, onani manambala a TE ndi TR, omwe amasonyeza nthawi zomwe makina anagwiritsa ntchito pojambula: TE yochepera 30 pamodzi ndi TR ya m'ma 500 ndi T1, pomwe TE yoposa 80 ndi TR yoposa 2000 ndi T2. Musavomere kulipira mametikali ambiri n'kupatsidwa zithunzi zochepa zojambulidwa ndi foni, chifukwa ngodyazo zimadulidwa; pemphani chimbale chonse ndi lipoti lake.

Pamene ndinasokonezeka ine ndi pa mafuta a pansi pa khungu. Ndinawaona akuwala n'kuganiza kuti chithunzicho ndi T1, koma pa makina ambiri a masiku ano mafuta amawalanso pa T2, choncho sangakusiyanitsireni zithunzizi. Chodalirika ndi madzi ozungulira mtsempha waukulu wa mumsana, omwe amaoneka ngati mzere wotsika kumbuyo kwa mafupa. Akada, chithunzicho ndi T1, ndipo akayera mbuu, ndi T2. Mukaona madziwo akuwala koma mafuta a pansi pa khungu atada, nthawi zambiri ndi STIR, yomwe imazimitsa mafuta dala kuti kutupa kuonekere.

Kenaka ikani zithunzizo pambalipambali n'kuyang'ana fupa limodzi. Mwa munthu wamkulu, mkati mwa mafupa a msana muli mafuta, kotero mumawalako pa T1. Tiyerekeze kuti mafupa awiri oyandikana ada pa T1 koma akuwala pa STIR, ndipo pambali pake pali thumba lowala pa T2. Zimenezi zikusonyeza kuti madzi a kutupa alowa m'malo mwa mafuta, ndipo thumbalo likhoza kukhala la mafinya, monga zimachitikira chifuwa chachikulu chikalowa m'msana. Komabe khansa kapena fupa longothyoka kumene zimadanso pa T1 n'kuwala pa STIR, n'chifukwa chake dokotala amafunanso mbiri ya wodwala ndi zoyeza zina.

Kadontho kozungulira kowala pa T1 ndi pa T2 pomwe m'fupa kawirikawiri sikakhala koopsa. Mpweya ndi chikamba cholimba cha fupa zimada ponseponse. Pa lipoti la Chipwitikizi, hipersinal ndi malo owala ndipo hipossinal ndi malo akuda, koma nthawi zonse werengani ngati pambuyo pake palembedwa T1 kapena T2.