Momwe mungafotokozere manambala a kalavati kuti injiniya wa ku khonsolo awakhulupirire

Lipoti la ngalande likabwezedwa ku khonsolo, nthawi zambiri masamu ake sakhala olakwika. Chimachitika n'chakuti wounikayo wawona zoti payipi ya mamilimita 900 ikukwanira, koma sakuwona kumene nambala iliyonse yachokera. Iye ndi amene adzayankhe mafunso tsiku limene madzi adzalowe m'nyumba za anthu, ndiye sangasayinire chinthu chimene sangathe kuchitsata yekha ndi kakyuleta. Tiyende ndi chitsanzo chimodzi, kalavati yodutsa pansi pa msewu wa m'lokeshoni kuno ku Mangochi, imene ngalande yake ikukathira ku Shire. Manambalawa ndi ophunzirira chabe, a malo anu mudzawapeze pa malopo.

Yambani ndi malo amene madzi akuchokera

Musanalembe fomyula iliyonse, ikani mapu osonyeza malire a dera lonse lothirira madzi mu kalavatiyo, ndipo nenani kukula kwake. M'chitsanzo chathu ndi mahekitala 12. Pansi pa mapuwo lembani mmene malirewo mwawapezera. Kuno pansi ndi pa thyathyathya, moti mizere yosonyeza kukwera kwa malo pa mapu imatalikirana kwambiri, ndipo chimene chimatembenuza madzi chimakhala mpanda wa njerwa, msewu wokwezedwa kapena ngalande imene anthu anakumba okha. Ngati munayendamo wapansi kapena saveya anayeza, nenani choncho ndi tsiku lake. Ngati munangogwiritsa ntchito zithunzi za m'mwamba, nenaninso. Wounika ambiri amawadziwa malowo, ena amadutsamo pa njinga tsiku ndi tsiku, ndipo akawona kuti mbali ina mwaisiya, sakhulupiriranso masamba otsatira.

Fotokozani mvula imene mwasankha

Nenani kuti kalavatiyo mwaikonzera mvula ya zaka zingati, ndipo tchulani buku la malamulo a kamangidwe ka misewu limene mwatsata, ndi tsamba lake. Ife titenga mvula ya zaka 10. Onjezani chiganizo chimodzi chomasulira, chifukwa lipotili limafikanso m'manja mwa makhansala: mvula ya zaka 10 sitanthauza kuti ikagwa chaka chino ndiye mpaka zaka khumi. Chaka chilichonse pali mwayi umodzi pa khumi woti igwe kapena ipitirire pamenepo.

Kenako sonyezani nthawi imene madzi ochokera ku malire akutali amatenga kuti afike pa kalavati, chifukwa mphamvu ya mvula imene mugwiritse ntchito imadalira nthawi imeneyo. Lembani utali wa njira ya madziwo ndi kutsetsereka kwake. Tinene kuti mwapeza mphindi 30, ndipo mvula ya zaka 10 yogwa kwa mphindi 30 ili ndi mphamvu ya mamilimita 80 pa ola. Tchulani siteshoni ya nthambi yoona za nyengo kumene nambalayo yachokera, ndi zaka zimene kaundula wake akukhudza. Apa pali msampha. Kaundula wambiri amasonyeza mvula ya tsiku lathunthu, pamene inu mukufuna ya theka la ola. Ngati mwasintha ya tsiku kuti mupeze ya mphindi 30, lembani njira imene mwasinthira, musangoiponya nambalayo ngati yagwa kumwamba.

Sonyezani gawo la mvula loyenda pamwamba

Nambala ya C, yosonyeza gawo la mvula loyenda pamwamba osalowa m'nthaka, ndi imene imakanganitsa anthu. Musalembe kuti C ndi 0.45 basi. Igaweni. Mwa mahekitala 12 aja, 3 ndi madenga a malata ndi msewu wa phula, pamene pafupifupi madzi onse amayenda pamwamba, ndiye tawapatsa 0.9. Mahekitala 9 otsalawo ndi mabwalo ndi mapuloti a dothi la mchenga limene limamwa madzi, ndiye tawapatsa 0.3. Mukachulukitsa, mbali iliyonse ikupereka 2.7, zonse pamodzi 5.4, ndipo mukagawa ndi 12 mukupeza 0.45. Tsopano fomyula ya Rational ilowe, ndi miyeso yake:

```
Q = C × i × A / 360
Q = 0.45 × 80 × 12 / 360 = 1.2 m³/s
```

Nenani kuti i ili mu mamilimita pa ola ndipo A ili mu mahekitala, ndiponso kuti njirayi mwaisankha chifukwa deralo ndi laling'ono. Zotsatira zake ndi malita 1,200 pa sekondi.

Apa ndi pamene pagona nkhani: madzi a kumunsi

Anthu ambiri akafika apa amatenga fomyula ya Manning n'kumaliza. Payipi ya konkire ya mamilimita 900, ndi n ya 0.013 yosonyeza kukhakhala kwa makoma ake, yotsetsereka ndi theka la mita pa mamita 100, imanyamula malita pafupifupi 1,280 pa sekondi ikadzaza. Poti 1,280 yaposa 1,200, amalemba kuti payipi imodzi yakwana. Koma masamu amenewo angonena mphamvu ya mimba ya payipi. Sananene kuti madzi adzakwera kufika pati kumtunda kwa msewu, ndipo funso la wounika ndi limenelo.

Choyamba nenani malire amene madzi asapitirire. M'chitsanzochi m'mphepete mwa msewu muli mamita 1.5 pamwamba pa pansi pa kamwa ya payipi, ndipo tasiya masentimita 30 a chitetezo, ndiye madzi asapose mamita 1.2. Muyezenso khonde la nyumba yotsika kwambiri kumtundako. Ngati khondelo lili pansi kuposa msewu, malire anu ndi khondelo.

Kenako sonyezani mayeso awiri. Oyamba ndi a pamene kamwa ya payipi ndi imene ikuchepetsa madzi, kumunsi kuli kotseguka. Ndi khoma la kutsogolo la m'mphepete mosasema, matchati a makalavati akusonyeza madzi akukwera kufika pafupifupi mamita 1.1. Apa payipi imodzi yapulumuka, ngakhale mwapang'ono.

Mayeso achiwiri ndi a pamene kumunsi kwadzaza kale. Ku madera a mapiri monga ku Namwera madzi akatuluka mu payipi amathamanga okha. M'tauni muno si choncho. Tili pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, ndipo Shire amayenda pang'onopang'ono. Nyanja ikakwera, monga anthu a m'mphepete anaonera mu 2024 pamene madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, mtsinje umabwerera m'ngalande ndipo potulukira pa kalavati pamamira mvula isanagwe n'komwe. Nyanja imafika pachimake chakumapeto kwa dzinja, cha mu Epulo ndi Meyi, choncho mvula ya mu Malichi ikhoza kupeza kumunsi kutadzaza.

Ndiye lembani poyera kuti madzi a kumunsi mwawayika pati, ndipo umboni wake ndi wotani. Umboni wabwino ndi mzere wa matope pa khoma kapena pa mzati, woyezedwa ndi saveya pa muyezo womwewo wa kalavati, ndi chithunzi chake. Zimene anena okhala pafupi, monga mayi amene akulozerani pamene madzi anafika pa chitseko chawo, zilembeni ngati zonenedwa ndi anthu, ndipo muziyezenso. Tinene kuti mwapeza mita imodzi pamwamba pa pansi pa potulukira. Payipi yathu ndi yaitali mamita 12. M'mafomyula ali m'munsiwa, HW ndi kukwera kwa madzi a kumtunda, TW ndi kukwera kwa madzi a kumunsi, H ndi kukwera kumene kumafunika kuti madzi akankhidwe kudutsa mu payipi, V ndi liwiro lawo, g ndi mphamvu yokokera zinthu pansi, L ndi utali wa payipi ndipo S ndi kutsetsereka kwake.

```
H  = (1 + ke + kf) × V² / 2g
HW = TW + H − L × S
```

Madzi okwana malita 1,200 akamadutsa mu payipi imodzi yodzaza amathamanga mamita 1.89 pa sekondi. Tikatenga ke ya 0.5 ya pa kamwa ndi kf ya 0.29 ya kukhuzana ndi makoma, H ikutuluka mamita 0.33. Payipi yatsika ndi masentimita 6 okha pa utali wake wonse. Ndiye HW ndi 1.0 kuphatikiza 0.33 kuchotsa 0.06, zomwe ndi mamita 1.27. Zaposa malire athu a 1.2. Payipi ija imene Manning anaivomereza yalephera, ndipo m'lipoti muyenera kunena mosabisa kuti pa mayeso awiriwo mwatenga okwera kwambiri.

Mukayika mapayipi awiri, liwiro limatsika ndi theka kufika mamita 0.94 pa sekondi, H imagwa kufika 0.08, ndipo madzi a kumtunda amaima pa mamita 1.02. Onani kuti mita yathunthu mwa 1.02 imeneyo ndi ya madzi a kumunsi. Ngakhale mutayika mapayipi asanu, madzi a kumtunda adzaimabe pa mamita pafupifupi 0.95. Chiganizo chimenechi chilembeni m'lipoti, chifukwa chimathandiza khonsolo kudziwa kuti vuto lotsala lili pa kukwera kwa msewu ndi ngalande ya kumunsi, osati pa kukula kwa kalavati.

Yesani malingaliro anu wounika asanawayese

Tengani manambala awiri kapena atatu amene angasinthe, muwasunthe, musonyeze zotuluka. Mapuloti opanda kanthu aja adzamangidwa. C ikakwera kufika 0.6, madzi akhala malita 1,600 pa sekondi, ndipo ndi mapayipi awiri HW ikufika mamita 1.08, idakali m'malire. Payipi imodzi ikatsekeka ndi mchenga, mabotolo ndi majumbo, pa malita 1,200 aja tabwerera ku 1.27: chitetezo chija chadyeka koma madzi sanakwere pa msewu. Chitaninso chimodzimodzi ndi mvula ya zaka 25, ndipo ngati madzi akusefukira, jambulani pa mapu kumene adzalowere ndi nyumba zimene zili m'njira yake.

Za mchenga musazidumphe. Kumunsi kukamira, liwiro losafika mita imodzi pa sekondi limasiya mchenga mu payipi, ndipo mvula zing'onozing'ono zimasiya wambiri. Nenani kuti masamu anu akudalira mapayipi oyera, kuti pakhale dzenje logwira mchenga kutsogolo kwa kamwa, ndipo kuti lizikumbidwa mvula isanayambe mu Novembala. Tchulani amene adzagwire ntchitoyo, kaya ndi mwini chitukuko kapena khonsolo. Mbali inayo, mvula yoyamba ikagwa mtsinje udakali pansi, madzi amatuluka pa liwiro la pafupifupi mamita awiri pa sekondi, lokwanira kukumba dothi la mchenga. Lembani liwirolo pambali pa chithunzi cha miyala yomangidwa ndi simenti imene mwaika potulukira, ndi utali wake.

Kasanjidwe kake pa pepala

Zonsezi zisonkhanitseni pa tebulo limodzi koyambirira kwa gawo la kalavati: nambala, kumene yachokera, ndi tsamba limene muli masamu ake. Pa nambala iliyonse sonyezani ngati yayezedwa pa malo, yatengedwa m'buku, kapena ndi chiganizo chanu monga injiniya. Ngati mwagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta monga HY-8, ikani mapepala ake kumapeto, koma masamu a mayeso olamulira aja muwalembebe ndi dzanja m'kati mwa lipoti. Musanapereke, tengani mapulani omangira muyerekeze ndi tebulolo mzere ndi mzere, kuti kukwera kwa kamwa, kwa potulukira ndi kwa msewu kufanane mpaka pa sentimita, ndipo zonse zichokere pa chikhomo chimodzi cha saveya chimene mwachitchula dzina ndi kukwera kwake.